Dzanja Logwira Mthiko

Aliyense wa ife amene anakulira pafupi ndi mbaula angathe kutsinzina n'kuona dzanja lovundula nsima. Zala zinayi zakulunga mthiko, chala chachikulu chatsekera pamwamba pa chamkombaphala, mitsempha yatukuka kumbuyo kwa dzanja, ndipo dzanja linalo lapanikiza chigwiriro cha poto ndi kansanza kuti asagudubuke. Timachidziwa chithunzi chimenechi monga momwe tidziwira njira ya kwathu usiku. Koma mupatseni munthu pensulo kuti achijambule, mudzaona akufufuta mpaka pepala kubooka. Dzanja lili ndi mafupa 27, ndipo likagwira chinthu zala zina zimabisala kuseri kwa zinzake, kotero kuti wojambula ayenera kudziwa kumene kuli chala chimene sakuchiona.

Tsono kunabwera makina ojambula zithunzi pongowalembera mawu. Amene ine ndimagwiritsa ntchito ndi a banja la Stable Diffusion, amene anatulutsidwa kwa anthu onse mu Ogasiti wa 2022. Makinawa amajambula nkhope yoti mungailonjere, nsalu yoti mungafunse mtengo wake, koma akafika padzanja amachita ngati aledzera. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, komatu sananene kuti zikhale zisanu ndi ziwiri padzanja limodzi.

Mnzanga wina analemba nthano yonena za mayi wogulitsa nsima pamsika, ndipo anandipempha chithunzi choika pamwamba pa nthanoyo. Chimene ankafuna chinali chapafupi kuchinena: mayi, poto, mbaula, manja akuvundula. Ntchito imeneyi ndiyo ndifuna kuifotokoza pano, chifukwa ndinaona kuti m'chithunzi chimodzichi mwakumana pafupifupi zonse zimene zimapunthwitsa makinawa, ndiponso chifukwa malangizo amene anthu amapatsana pankhaniyi ambiri ndi ongopembedza chabe.

Tiyambe ndi kukula kwa dzanja, pakuti muzu wa nkhani uli pamenepo. Stable Diffusion 1.5 anaphunzitsidwa ndi zithunzi za mapikiselo 512 mulitali ndi 512 mulifupi, mapikiselo kukhala timadontho tija timene timapanga chithunzi pagalasi la kompyuta. Koma makinawo sajambula kadontho kalikonse pakokha. Amayamba achepetsa chithunzi kasanu ndi katatu mbali zonse, n'kumagwira ntchito pa timabwalo 64 kwa 64, ndipo pomaliza gawo lina la makina limafutukula timabwalo timeneti kukhala chithunzi chathunthu. Ndiye kuti kabwalo kamodzi kakuimira mapikiselo 8 mbali iyi ndi 8 mbali inayo.

Tiwerengere limodzi. Mukapempha mayi yense, kuyambira duku mpaka mapazi, msinkhu wake wa masentimita 160 udzatenga mapikiselo ngati 450. Dzanja lake la masentimita 17 lidzapeza mapikiselo 48, omwe ndi timabwalo 6 basi. Nanga chala, chimene mulifupi mwake sichifika masentimita awiri? Chidzapeza mapikiselo asanu, osakwana ndi kabwalo kamodzi komwe. Apa tikupempha makina kuti aike zala zinayi, mipata itatu ya pakati pake ndi mthiko pamalo pamene pangakwane zinthu ziwiri kapena zitatu. Kuli ngati kuluka duku la maluwa ang'onoang'ono ndi chingwe chomangira mbuzi. Mungalembe mawu okoma motani, malo palibe.

Chinanso n'chakuti makinawa sawerenga. Amayamba ndi chipwirikiti cha madontho, chonga chimene wailesi yakanema imaonetsa ikataya siteshoni, n'kumachiyeretsa pang'onopang'ono, mwina maulendo 30. Maulendo oyamba ndiwo amagamula kuti poto akhala pati, mkono udzera pati, otsiriza amangokometsera. Zimene makina anaphunzira kuchokera ku zithunzi zambirimbiri za pa intaneti n'zakuti pambali pa chala pamakonda kukhala chala china. Lamulo loti ukafika pa chachinayi uleke silinalembedwe paliponse, ndipo m'zithunzi zomwe anaphunziramo dzanja lina limaonetsa zala zisanu, lina zitatu, lina nkhonya yokha, lina laphatikana ndi dzanja la munthu wina popatsana moni. Anthu olemba mawu pansi pa zithunzi zawo salemba kuti m'chithunzi muno mukuoneka zala zitatu. Amalemba kuti agogo akuphika.

Izi n'zodziwika kwa onse amene anayeserapo. Chimene sindinamvepo wina akuchinena, ndipo chimene chimachititsa chithunzi chathu kukhala chovuta kuposa cha munthu wongopatsa moni, ndi mthiko womwewo. Tauyang'anani bwino. Ndi wautali, wobulungira, wofiirira chifukwa cha utsi ndi thukuta, ndipo kunenepa kwake sikusiyana kwenikweni ndi chala cha munthu wamkulu. Kwa makina amene amaona zinthu m'timabwalo, mthiko wolowa m'nkhonya ndi chala chachisanu ndi chimodzi. N'chifukwa chake m'zithunzi zoyamba ndinkapeza chala chamkombaphala chitatalika n'kulowa m'phala, kapena mthiko uli ndi chikhadabo kumapeto, kapena mthiko utalowa m'nkhonya pamwamba n'kutulukira pansi utakhota ngati wathyokera m'kati. Nthunzi nayo imadula zala pakati, makina n'kuyambanso chala chatsopano kuseri kwa nthunziyo. Moto wa makala umawala kuchokera pansi, n'kuika mizere yofiira ndi yakuda padzanja, ndipo mzere wakuda uliwonse ungathe kusanduka mpata wa pakati pa zala. Khungu lakuda m'khitchini ya mdima limangowonjezera vutolo, popeza malire a chala ndi mthunzi wake saoneka.

Mnzanga wina wa ku sayansi, munthu wodziwa makompyuta kundiposa, ali ndi mankhwala ake amene amawakhulupirira. Pulogalamu imene tonse timagwiritsa, yotchedwa AUTOMATIC1111, ili ndi mabokosi awiri: lapamwamba lolembamo zimene ukufuna, ndi lapansi lolembedwa kuti `Negative prompt`, lolembamo zimene ukukana. Iye amadzaza bokosi lapansilo ndi mndandanda wautali umene anautola kwa ena, wonga uwu:

```
bad hands, extra fingers, fused fingers, mutated hands,
missing fingers, poorly drawn hands, deformed
```

"Achimwene," amatero, "ikani zonsezi, zala zikhala bwino." Ine ndimamuyankha kuti imeneyo ndi njirisi. Sindikuti sigwira ntchito mpang'ono pomwe. Nthawi zina imachotsa zithunzi zonyansa kwambiri. Koma taganizani mmene bokosilo limagwirira ntchito. Paulendo uliwonse makina amalosera kawiri, kamodzi potsata mawu apamwamba, kenanso potsata apansi, ndipo amakankhira chithunzi kutali ndi ulosi wachiwiriwo. Tsono ngati m'bokosi lapansi mawu oti manja ndi zala abwerezedwa kasanu ndi kamodzi, chimene makina akumva kwambiri si "oipa" kapena "owonjezera" koma manja ndi zala zomwezo. Amayamba kuzithawa. Mayi uja amatuluka manja atawabisa kuseri kwa poto, kapena atawafunditsa chitenje, mthiko utaima wokha m'nsima ngati mbendera. Zala zopunduka zachokadi, popeza zala zonse zachoka.

Choipa kuposa pamenepa ndi kulemba kukanako m'bokosi lapamwamba. Gawo la makina limene limamva mawu m'mibadwo imeneyi, lotchedwa CLIP, silimva bwino mawu okana, ndiponso siliwerenga bwino manambala. Mukalemba `no extra fingers` mwangoitana zala. Mukalemba `five fingers` mwauza makina kuti zala ndizo nkhani yaikulu, ndipo amatambasula chikhatho kuti muzione bwino, mthiko n'kutsala ukulendewera m'malere. Pajatu dzanja logwira mthiko silionetsa zala zisanu zotambasuka. Kupempha zisanu ndiko kupempha dzanja limene silikuphika.

Kotero ntchito yoyamba ya mawu olamula, amene anzathu ena amati pulomputi, ndi kusankha poima wojambula. Ndinamufunsa mwini nthano ngati nkhope ya mayiyo inali yofunika. Anaganiza pang'ono nati ayi, m'nthano monse mayiyo sanatchulidwe dzina, owerenga amudziwe ndi manja ake. Pamenepo theka la vuto linatha. Ndinasamukira ku SDXL, m'badwo wa makinawa umene unatuluka mu Julayi 2023, umene umajambula pa mapikiselo 1024 kwa 1024, ndiye kuti timabwalo 128 kwa 128. Ndinasendeza diso pafupi kuti m'chithunzi mukhale poto, pamwamba pa mbaula, ndi mikono kuyambira m'zigongono. Dzanja linatenga mapikiselo ngati 250, ndipo chala chilichonse chinapeza timabwalo titatu. Malo ojambulamo chala tsopano analipo.

Ntchito yachiwiri ndi kunena kagwiridwe. Mawu oti munthu akuvundula amauza makina za ntchito, koma chithunzi sichiyenda. Chimafuna kaimidwe kamodzi ka dzanja pa kamphindi kamodzi. Ukangoti akuvundula, makina amasakaniza kagwiridwe konse kamene anakaonapo pa mawu amenewo, ka supuni ya tiyi, ka chipande, ka mphanda wa mazira, ndipo chosakanizacho ndicho dzanja lopunduka. Nkhonya yotseka, yoonedwa chakumbali ndi kumbuyo, ndiyo kaimidwe kapafupi kwambiri: mfundo zinayi zandandalikana, chala chachikulu chapingasa, nsonga za zala zabisika m'chikhatho mwa chilengedwe chake. Mawu amene anandithandiza ndi awa:

```
close-up photo, side view, a woman's right hand in a closed fist
around a long pale wooden cooking stick, stick visible above and
below the fist, thick white maize porridge in a dented aluminium
pot, small metal charcoal stove, glowing embers, dark brown skin,
daylight from the left
```

Liwu lililonse pamenepa lili ndi ntchito yake. Ndinati mtengo wotuwa kuti mthiko usiyane mtundu ndi khungu, makina aleke kuuyesa chala. Ndiponso si bodza, mthiko watsopano ndi wotuwadi. Ndinati uoneke pamwamba ndi pansi pa nkhonya kuti ukhale mzere umodzi wowongoka wodutsa m'dzanja, osati chinthu chomera kuchokera m'dzanja. Ndinati kuwala kwa dzuwa kuchokere kumanzere kuti moto usakhale nyale yokhayo, ndipo mizere yonyenga ija inachepa. Nthunzi sindinaitchule konse. Makina amaiika okha pang'ono akaona poto wotentha, ndipo ukaitchula amaithira ngati chifunga cha pa phiri la Zomba. Ndinaikanso dzanja kumayambiriro, chifukwa CLIP amalandira zidutswa za mawu 77 zokha pa nthawi imodzi, ndipo mwa zimene ndaona mawu oyambirira ndiwo amamveka kwambiri. M'bokosi lapansi ndinangolembamo `flames, barbecue grill, spoon`, zinthu zenizeni zimene makina amazidziwa ndi maso.

Ndipatuke pang'ono pa zitatu zimenezi. Mukalemba liwu la Chingerezi la makala, makina amaganiza za anthu ootcha nyama pakapinga, n'kuika chitsulo cha mizeremizere pansi pa poto, ndipo mizere imeneyo nayo imakwera n'kusakanikirana ndi zala za dzanja logwira poto. Amakondanso kuika malawi aatali, pamene aliyense wophikira pambaula adziwa kuti makala okolera bwino amangoti psuu, malawi ake ndi aafupi, ndipo nsima siiphikidwa pamoto wolilima. Mawu athu oti mbaula, mthiko ndi nsima, makina amene ndinali nawo sankawamva; ndikalemba `mbaula` ankangochita ngati sindinalembe kanthu. Liwu la ku Kenya loti `jiko` nthawi zina linkabweretsa chinthu chofananako ndi mbaula yathu ya dongo m'kati, koma kulongosola ndi mawu wamba ndiko kunali kodalirika. Pali chisoni chake pamenepa, kuti chakudya chimene timadya tsiku ndi tsiku tichite kuchifotokozera ngati mwambi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mwaona kuti m'mawu aja muli dzanja limodzi lokha. Ndinachita dala. Manja awiri m'chithunzi si vuto lowirikiza kawiri chabe, chifukwa makina amayeneranso kudziwa kuti lina ndi lamanja, lina lamanzere, ndipo kawirikawiri amapereka awiri amanja okhaokha, kapena amawalumikiza pamthiko n'kupanga chinthu chonga phava la nthochi. Komabe nsima siivundulidwa ndi dzanja limodzi poto ali yekha; angagwe. Chimene chinandipulumutsa ndi kansanza kaja. Wophika aliyense amagwira chigwiriro chotentha ndi kansalu kapena kapepala kopinda, ndipo kansaluko kamaphimba zala zambiri, n'kusiya chala chachikulu ndi mfundo ziwiri. Nditawonjezera `left hand holding the pot handle with a folded cloth`, dzanja lamanzere linabisika mwa njira yoti wophika sangaidandaule. Kubisa dzanja kuseri kwa poto n'kuthawa. Kulibisa m'kansanza ndi mmene anthu amaphikira.

Ngakhale zili choncho, mawu ali ndi malire. Ndinkatulutsa zithunzi zisanu ndi zitatu nthawi imodzi, `Sampling steps` pa 30, `CFG Scale` pa 6, ndipo mwa zisanu ndi zitatuzo ziwiri kapena zitatu zinkakhala ndi dzanja loti munthu angalivomere. Kukweza `CFG Scale` kufika pa 12 poganiza kuti makina amvera kwambiri kumangopsereza mitundu ndi kuumitsa zala ngati zosema. Ndikapeza chithunzi chabwinoko ndinkalemba nambala yake ya `Seed`, imene imasankha chipwirikiti choyambira chija, n'kumasintha liwu limodzi lokha nambalayo ili yomweyo. Popanda kutero sungadziwe ngati dzanja lakhala bwino chifukwa cha liwu lako kapena chifukwa cha mwayi.

Chithunzi chimodzi mwa zimenezi chinandikondweretsa: zala zokwanira, mfundo zili m'malo mwake, makala akuyaka bwino. Ndinapita nacho kwa azakhali anga, amene akhala akuphikira anthu pamaliro ndi pamaukwati kuyambira ine ndisanabadwe. Anachiyang'ana pafoni nthawi yaitali, atachitalikitsa ndi maso.

"Ameneyu akuphika chiyani, mwanawe?"

"Nsima, azakhali."

"Nsima yake iti? Mthiko waugwira kunsonga ngati akutakasa tiyi. Nsima ikalimba umatsitsa dzanja, mthiko n'kuupendeketsa, n'kumakokera kwa iwe ukupanikiza m'mbali mwa poto. Mmene wagwiriramu, mkono uthyoka nsima isanapse. Ndiye taona ufa uli mbuu pamwamba, koma dzanja lili phee ngati la pachithunzi cha ukwati."

Apa m'pamene pali kusiyana kwa dzanja losapunduka ndi dzanja loona. Makina anali atakhoza kuwerenga, koma kagwiridwe kanali ka phala lamadzi pomwe m'poto munali nsima yolimba. Kufotokoza ndi mawu kupendekeka kwa mthiko, kutsika kwa dzanja ndi kupindika kwa pamene dzanja likumana ndi mkono, n'kosatheka m'chilankhulo chilichonse chimene makinawa amamva. Pamafunika kuwaonetsa.

Chida chochitira zimenezi ndi ControlNet, chimene Lvmin Zhang ndi Maneesh Agrawala a ku yunivesite ya Stanford anatulutsa mu Febuluwale 2023. Umachipatsa chithunzi chenicheni, icho n'kutengamo mafupa a kaimidwe kokha, n'kukakamiza makina kujambula motsata pamenepo. Ndinawapempha azakhali kuti ndiwajambule manja akuvundula, ndipo anavomera atandiuza kuti nkhope yawo isaoneke. Tinatulutsa mbaula pabwalo, pamthunzi wowala bwino. Ndinagwada chakumanja kwawo, foni ili pa msinkhu wa mlomo wa poto, n'kuwajambula kambirimbiri, ndipo ndinasankha chithunzi chimene mthiko unali utapendekeka, mfundo zinayi zikuoneka bwino, nthunzi itapita kumbali.

ControlNet ili ndi njira zingapo zowerengera chithunzi, ndipo kusankha pakati pake n'kofunika. Yotchuka ndi OpenPose, imene imaika timfundo 21 padzanja n'kutilumikiza ndi timizere. Pa dzanja lotambasula imachita bwino. Pa nkhonya yogwira mthiko imasokonezeka, chifukwa theka la timfundoto labisika ndipo imangolota pamene lili. Komanso siona mthiko, poti mthiko si chiwalo cha thupi, ndipo sinena kuti chala chiti chili kutsogolo kwa chinzake. Njira ya `Depth` ndiyo inagwira ntchito. Imeneyi imapanga chithunzi chotuwa mmene chapafupi chimayera, chakutali chimada, kotero kuti zala, mthiko, mlomo wa poto ndi mbaula zonse zimalowamo, chilichonse pa mtunda wake. Musanapitirire muyang'ane chithunzi chotuwacho. Ngati zala zaphatikana kukhala chibuma chimodzi mmenemo, zidzaphatikananso m'chithunzi chomaliza, ndipo ndi bwino kusankha chithunzi china cha pafoni. Ndinaika `Control Weight` pa 0.7 ndi `Ending Control Step` pa 0.7, kutanthauza kuti chitsogozocho chigwire maulendo oyambirira pamene kaimidwe kakugamulidwa, kenaka chisiye makina amalize okha khungu ndi kuwala. Ukachisiya chigwire mwamphamvu mpaka kumapeto, dzanja limatuluka louma ngati lodulidwa papepala n'kumatidwa.

Mbaula nayo inakhala mbaula tsopano, popeza maonekedwe ake anachokera m'chithunzi cha pabwalo paja, osati m'mawu. Chinatsala ndi kachala kakang'ono, kamene kanatuluka kokhota ndi kopanda mfundo. Chotere sichifuna kuyambanso chithunzi chonse. Pali gawo lotchedwa `Inpaint`, mmene umapaka utoto pamalo polakwika, makina n'kujambulanso pokhapo. Chinsinsi chake chili pa kusankha `Only masked`. Ukatero makina amadula kachigawo kopakidwako, amakakulitsa kufika pa mapikiselo 1024, amakajambula, n'kukachepetsanso pokabwezera. Dzanja limene linali ndi timabwalo 30 limapeza timabwalo pafupifupi 100 pa nthawi yojambulidwayo. Ndi nkhani ya malo yomwe ija, yabweranso pakhomo lina.

Pali zinthu ziwiri zosamala. Choyamba, upake dzanja lonse pamodzi ndi kachigawo ka mthiko pamwamba ndi pansi, osati kachala kokhako, ndipo uwonjezere `Only masked padding, pixels` kuchoka pa 32 kufika pa 64 kapena kuposa, kuti makina aone mkono umene dzanjalo lachokera. Akapanda kuuona amajambula dzanja lokongola loloza kwina. Chachiwiri ndi `Denoising strength`, muyeso wa ufulu umene ukuwapatsa. Pa 0.3 amangosalaza kachala kokhotako n'kukasiya kali kokhota. Pa 0.8 amaiwala zimene zinalipo, ndipo ngati mawu olamula akadali aja a chithunzi chonse, ungapeze kapoto kakang'ono ndi kambaula kake zitajambulidwa pakati pa dzanja. N'chifukwa chake pokonza umafupikitsa mawu kuti anene za nkhonya ndi mthiko basi. Ine ndinakhazikika pa 0.45. Ndisanatero ndinayamba ndajambula ndekha kachala kowongoka ndi utoto wofiirira, mwachisawawa ngati mwana wa Sitandade 2, pamwamba pa kokhotako. Makina akapeza chinthu chili kale pamalo pake amangochiveka khungu. Chala chowonjezera chimachotsedwa chimodzimodzi: uchipake mtundu wa chimene chili kuseri kwake, kenaka upereke kwa makina.

Wina anena kuti zonsezi ndi zakale, makina atsopano anathana nazo. Pali choona pamenepo. Midjourney itatulutsa m'badwo wake wachisanu mu Malichi 2023 anthu anaona kuti manja asintha, ndipo FLUX.1 ya kampani ya Black Forest Labs, imene inatuluka mu Ogasiti 2024, imajambula zala bwino kwambiri kuposa SDXL, imamvanso ziganizo zathunthu, moti ungathe kuilembera ngati ukulembera munthu. Mtundu wake wa `dev`, mmene anaupangira, sugwiritsa ntchito bokosi la zokana lija, kotero njirisi ya mnzanga ilibe pokoleka. Koma imafuna kompyuta yamphamvu imene ambiri a ife tilibe, ndipo zolakwa zake zangosamukira pobisika. Zala zimakwana, koma chala chachikulu chili mbali yolakwika, kapena mthiko wa pamwamba pa nkhonya sukulunjikana ndi wa pansi pake, kapena, monga anaonera azakhali, dzanja ndi la tiyi.

Choncho ndisanapereke chithunzi ndimachiyesa motere. Ndimachikulitsa pagalasi n'kuika rula pamthiko, kuona ngati mbali ya pamwamba ndi ya pansi zili pa mzere umodzi. Ndimawerenga mfundo za kumbuyo kwa dzanja m'malo mwa nsonga za zala, chifukwa mfundo zikakhala zinayi kawirikawiri zina zonse zimatsata. Kenaka ndimatenga mthiko weniweni n'kuyesa kuugwira monga mmene dzanja la m'chithunzi laugwirira. Ngati mkono wanga ukukana kupindika choncho, kapena ngati chala chachikulu changa chagwera mbali ina, ndiye kuti makina aika dzanja lamanzere pa mkono wamanja. Pomaliza ndimachotsa mitundu yonse n'kuchiona chakuda ndi choyera, poti ndimo mmene chidzatulukire papepala. Apa pamatuluka zina zimene mitundu inabisa. Pa chithunzi chathu, kuwala kofiira kwa makala kumene kunagwa pansi pa kachala kakang'ono kunasanduka mzere woyera wonenepa ngati chala, ndipo munthu wowerenga mwamsanga akanapeza zisanu pamene panali zinayi. Ndinaudetsa mzerewo pang'ono ndi dzanja, ndisanatumize chithunzicho kwa mwini nthano.